Chitsime Chisanaphwe: Za Kuthokozana M'nyumba

Pali dandaulo limene limapezeka m'makomo ambiri kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nkhotakota, ndipo kawirikawiri silinenedwa mokweza. Mayi amalinong'oneza kwa mnzake pa mjigo. Bambo amalitchula pagombe akusoka ukonde. Mwana wamkulu amene amalera ang'ono ake amangolisunga mumtima. Mawu ake ndi amodzimodzi: "Ndimavutika, koma palibe amene amaona." Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri mwamuna ndi mkazi a nyumba imodzi amadandaula chimodzimodzi, aliyense kumbali yake, ndipo palibe amene akunama. Pamenepa pakubuka mafunso atatu amene tikufuna kuwalingalira mofatsa. Zimatheka bwanji kuti anthu awiri ogona denga limodzi onse adzione osayamikidwa? Kodi n'koyenera kuti munthu wokhulupirira azilakalaka kuthokozedwa ndi anthu? Nanga banja limene lazolowera kukhala chete lingayambire pati?

Chifukwa chake onse awiri akunena zoona

Ntchito ya pakhomo ili ndi chikhalidwe chachilendo: ikagwiridwa bwino siioneka, imaoneka tsiku limene yalephereka. Mtsuko ukakhala wodzaza, munthu amangotunga madzi n'kumwa, kapena kupanga wuzu n'kupita ku mzikiti, osaganiza kuti madziwo anabwera pamutu pa munthu. Tsiku limene mtsuko wauma ndi limene aliyense amakumbukira kuti pali amene amatunga. Ndi mmenenso zilili ndi ufa m'thumba, sopo pabafa ndi ndalama za kuchigayo. Zikakhalapo zimaoneka ngati zinamera zokha, zikasowa mpamene timafunsa mwini ntchito. Chotero munthu akhoza kugwira ntchito bwino masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi osamva liwu lililonse, n'kudzamva dzina lake pa tsiku limodzi limene wachedwa. Akuluakulu anaziona kale zimenezi pamene anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa.

Chifukwa chachiwiri chili m'kakumbukidwe kathu. Ntchito imene munthu wagwira yekha amaidziwa yonse: kulemera kwake, kutentha kwa dzuwa, kupweteka kwa msana, ngakhale maganizo amene anamusowetsa tulo asanaiyambe. Ntchito ya mnzake amangoona mapeto ake, ndipo nthawi zina saona kanthu. M'chaka cha 1979 akatswiri awiri a za maganizo a anthu, Michael Ross ndi Fiore Sicoly a ku Yunivesite ya Waterloo ku Kanada, anafunsa anthu okwatirana, mwamuna payekha ndi mkazi payekha, kuti aliyense anene gawo limene iye amagwira pa ntchito zosiyanasiyana za pakhomo, monga kukonza chakudya cham'mawa, kutsuka mbale ndi kusamalira ana. Ataphatikiza mayankho a mwamuna ndi a mkazi wake, anapeza kuti pa ntchito zambiri magawo awiriwo ankaposa ntchito yonseyo. Zili ngati anthu awiri agawana nsomba khumi, wina n'kunena kuti wanyamula zisanu ndi ziwiri, winanso n'kunena kuti wanyamula zisanu ndi imodzi.

Tikhoza kufulumira kunena kuti kumeneko n'kudzikuza, koma akatswiriwo anaona chinthu china. Anthuwo ankadzipatsa gawo lalikulu ngakhale pa zinthu zosanyaditsa, monga kuyambitsa mikangano, ndipo akauzidwa kuti apereke zitsanzo, ankakumbukira msanga zimene anachita iwo eni kusiyana ndi zimene anachita anzawo. Gwero la vutoli, tsono, ndi lakuti munthu amakhalapo pa ntchito yake yonse, pomwe pa ntchito ya mnzake amakhalapo pang'ono chabe. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa imasintha mlandu. Tikamamva kuti sitikuyamikidwa, mtima umathamangira kunena kuti mnzathuyo ndi wouma mtima. Nthawi zambiri zoona zake n'zakuti sakudziwa, monga mmene ifenso sitikudziwira zake.

Kodi kulakalaka kuthokozedwa n'kulakwa?

Apa pali mfundo imene imavutitsa anthu oopa Allah. Tinaphunzitsidwa kuti ntchito yabwino ichitidwe chifukwa cha Allah yekha. Sura ya Insani imatamanda anthu amene amadyetsa osauka, amasiye ndi akaidi popanda kuyembekezera malipiro kapena kuthokozedwa. Sura ya Bakara, pa ndime 264, imachenjeza kuti kukumbutsa munthu zabwino zimene unamuchitira ndi kumupweteka nazo kumawononga sadaka. Munthu akamva zimenezi akhoza kuganiza kuti chisoni chake chosayamikidwa ndi chizindikiro cha chikhulupiriro chofooka. Choipa kwambiri, wina amene safuna kuthokoza akhoza kubisala kuseri kwa ziphunzitso zomwezi n'kumati, "Ngati mukuchitira Allah, mukufuniranji zikomo wanga?"

Koma chiphunzitso chili ndi mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse ili ndi mwini wake. Kwa wochita zabwino akuti asakumbutse ndipo asawerengere. Kwa wolandira zabwino akuti athokoze. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anamangiriza kuthokoza Allah ku kuthokoza anthu, kotero kuti munthu wonyozera chachiwirichi sangadzitame kuti wakwaniritsa choyambacho. Sura ya Lukumani, pa ndime 14, imaika kuthokoza makolo pambali pa kuthokoza Allah, ndipo isanalamule imayamba yatchula ntchito yeniyeni ya mayi: kulemedwa ndi pakati, ndi zaka ziwiri za kuyamwitsa. Chisokonezo chimabwera pamene titenga lamulo la mnzathu n'kulisandutsa chida chathu. Wolandira akamalalikira wopereka za kuyera kwa mtima, wasiya udindo wake n'kukayang'anira udindo wa wina.

Tiyenera kusiyanitsanso zinthu ziwiri zimene zimaoneka zofanana. Pali kufuna kutamandidwa, kumene kumachititsa munthu kugwira ntchito kuti anthu amuone. Pali kufuna kudziwidwa, kumene kuli kulakalaka kuti amene umakhala naye adziwe mmene tsiku lako layendera. Choyambacho ndi matenda a mtima. Chachiwiricho ndi mbali ya chikondi ndi chifundo chimene banja linakhazikitsidwira. Mkazi amene akufuna kuti mwamuna wake adziwe kuti nkhuni wazitola kutali sakufuna ulemerero. Akufuna kuti asakhale yekha pa ntchitoyo.

Ena amatsutsa mwa njira ina, amati munthu sathokozedwa pa udindo wake. Kudyetsa banja ndi udindo wa bambo, ndiye athokozedwe chifukwa chiyani? Yankho lake ndi lakuti udindo umanena zoyenera kuchitika, koma suchotsa kulemera kwake. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, kaya wosenzayo akuchita mwa udindo kapena mwa ufulu. Ndiponso tonse tikudziwa makomo amene udindo womwewo unatayidwa. Munthu amene amadzuka tsiku ndi tsiku n'kusankha kuukwaniritsa akuchita chinthu chimene akanatha kuchileka, ndipo kusankha kumeneko n'kumene timathokoza.

Kuthokoza kumayamba ndi kudziwa

Imamu Ghazali, amene anamwalira m'chaka cha 1111, analemba za kupirira ndi kuthokoza m'buku lake lotchedwa Ihya Ulumuddin. Iye anafotokoza kuti kuthokoza kuli ndi magawo atatu otsatana: kudziwa chabwino chimene walandira ndi amene wachipereka, chisangalalo chimene chimabadwa mumtima chifukwa cha kudziwako, ndi ntchito imene imatsatira chisangalalocho. Ankanena za kuthokoza Allah, koma dongosolo lake limatithandiza pakhomo. Ambiri timafuna kuyambira pakati. Timadikira kuti mtima uyambe wasangalala, kenako tidzathokoze. Mtima sulamulidwa chotero. Chimene tingachilamule ndi gawo loyamba, ndilo kufuna kudziwa, ndi gawo lomaliza, ndilo kunena ndi kuchita. Chisangalalo chimabwera chokha pakati pa ziwirizi.

Chiarabu chenichenicho chimaphunzitsa zomwezi. Liwu lotsutsana ndi shukuru, limene lili kuthokoza, limachokera ku tsinde lotanthauza kukwirira, monga mlimi amakwirira mbewu m'nthaka. Kusathokoza ndiko kukwirira chabwino kuti chisaoneke, ndipo kuthokoza ndiko kuchifukula. Ndiye chizolowezi chimene tikufuna pakhomo si chongochulukitsa mawu akuti zikomo. Tikufuna chizolowezi chofukula ntchito imene yakwiririka.

Nyumba imodzi ya pagombe

Tiyerekeze banja la m'mudzi wa asodzi kum'mawa kwa Mangochi. Bambo alibe ukonde wawo, amakwera boti la mwini chilimira pamodzi ndi anzawo. Amanyamuka dzuwa litalowa, amachezera panyanja kudikira kuti usipa usonkhane pa kuwala kwa nyali, amakoka ukonde kangapo usiku umodzi manja ali gwa ndi kuzizira, ndipo amafika pagombe m'mawa. Nsomba zikagulitsidwa, mwini zipangizo amayamba wachotsa ndalama za mafuta ndi gawo lake, zotsalazo n'kugawana anthu onse a m'boti. Mwezi ukawala kwambiri nyali zimachepa mphamvu ndipo usipa susonkhana. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, mwina sapita n'komwe, mwina amapita mtima uli m'mwamba. Pali masiku amene amabwera chimanjamanja atagwira ntchito yofanana ndi ya tsiku limene anapha zambiri.

Mayi amadzuka swala ya Subuhi isanakwane. Amapita ku mjigo kasanu, ndiye kuti malita 100 adutsa pamutu pawo ana asanapite kusukulu. Amasesa, amaphika phala, amaonetsetsa kuti wamng'ono wasamba. Kenako amatsikira kugombe kukagula ndowa ya usipa ndi kampamba kawo, amaufutsa, amauyanika pa thandala, amautembenuza, ndipo maso amakhala kumwamba kuopa mvula ndi akabawi. Masana amaphika nsima, amathamangitsa ana kuti asachedwe ku madarasa, amakaona apongozi awo amene akudwala, ndipo madzulo amawerengera ngati ufa ufika Lachisanu.

Tione tsopano zimene aliyense amaona za mnzake. Mayi amaona mwamuna amene amafika m'mawa, amadya, n'kugona masana onse pamene iwo akuthamanga. Usiku wa panyanja sanauonepo. Bambo amaona mkazi amene amagona m'nyumba usiku wonse pamene iwo ali pa mafunde, ndipo akadzuka amapeza madzi, nsima ndi usipa wouma kale. Maulendo asanu a ku mjigo anachitika iwo ali panyanja kapena ali m'tulo. Aliyense amagwira ntchito yake yolemetsa pa nthawi imene mnzake palibe. Mawu oyamba amene amakumana nawo m'mawa ndi akuti, "Mwabwera ndi zingati?" ndipo oyankha ake ndi akuti, "Madzi osamba ali kuti?" Mafunso onsewa ndi oyenera, pakuti ndalama zikufunikadi ndipo madzi akufunikadi. Koma bambo amamva kuti iwo ndi thumba la ndalama chabe, mayi amamva kuti iwo ndi wantchito chabe, ndipo tsiku limayamba ndi mabala awiri.

Zizolowezi zitatu

M'nyumba yotereyi uphungu wakuti "muzikondana" suthandiza, chifukwa chikondi chilipo kale, chikungosowa podutsa. Chimene chingathandize ndi zizolowezi zochepa zomangiriridwa ku nthawi zimene zilipo kale pa tsiku. Ife tili ndi mwayi wakuti tsiku lathu linagawidwa kale ndi swala zisanu ndi nthawi za chakudya, kotero sitifunika kupanga ndondomeko yatsopano. Chizolowezi chopanda nthawi yake chimaiwalika mlungu usanathe, pomwe chimene chatsamira pa chinthu chochitika tsiku lililonse chimakhazikika.

Choyamba ndi cha pakhomo polowera: munthu ayambe walandiridwa, nkhani ya katundu ibwere pambuyo. Bambo akafika kuchokera kunyanja, mawu oyamba akhale salamu ndi funso la za iwo eni. "Takulandirani, bambo a Yusufu. Mphepo ija ya usiku inakupezani muli pati?" Funso la ndalama silikuletsedwa, likungodikira mpaka munthu atakhala pansi ndi kumwa madzi. Bambo nawonso asanapemphe kanthu ayambe aona amene awalandira: "Mwadzuka bwanji, mayi a Yusufu? Mwana uja wagona bwanji ndi chifuwa chija?" Kusintha kwake n'kwa mphindi ziwiri zokha, koma kumathandiza kwambiri pa tsiku limene nyanja yakana. Munthu wobwera chimanjamanja amafika ali ndi manyazi kale, ndipo akalandiridwa bwino amaphunzira kuti mtengo wake pakhomo sukwera ndi kutsika ngati mtengo wa usipa.

Chachiwiri ndi cha pa chakudya: kutchula chinthu chimodzi ndi dzina lake. M'banja limeneli nthawi yabwino ndi chakudya chimene amadyera pamodzi bambo asananyamuke. Tikamaliza kudya timati Alihamudulillahi, ndipo n'koyenera. Pambuyo pake titchulenso dzanja limene Allah anadzeretsapo chakudyacho. Kuthokoza kogwira mtima kumakhala ndi zinthu zitatu: ntchito imene yachitika, chimene yamudyera woichitayo, ndi chimene yathandiza. "Zikomo" wamba alibe chilichonse mwa zitatuzi, n'chifukwa chake amatha kunenedwa munthu akuyang'ana kwina. Yerekezani ndi mawu awa: "Mayi a Yusufu, ndaona kuti usipa uja munauanula mvula isanafike, chikhalirecho munali kwa amayi kukawaphikira. Mpamba wonse ukanaola. Allah akulipireni zabwino." Kapena awa: "Bambo a Yusufu, munapita ndi mwera uja dzulo kuti fizi ya mwana ikwane. Ndikudziwa kuti simunagone." Mawu oterewa sanganenedwe ndi munthu amene sanayang'ane, ndipo womva amadziwa zimenezo. Mphamvu yake ili pamenepo.

Chinthu chimodzi pa tsiku n'chokwanira, ndipo chisakhale chomwechomwecho masiku onse. Lamulo lakuti chikhale chatsopano ndilo limagwira ntchito yaikulu, chifukwa limakakamiza maso kufufuza. Munthu amene akudziwa kuti madzulo ayenera kutchula kanthu amayamba kuona masana kuti malaya ake asokedwa pamene anang'ambika, kuti mwana wamkazi watsuka miphika osatumidwa, kuti mnyamata wamangirira mbuzi. Ana alowetsedwe m'chizolowezichi, azithokozedwa ndipo azithokoza. Mwana amene wamva bambo ake akuthokoza mayi ake chifukwa cha nsima sadzakula akuganiza kuti nsima imadziphika.

Chachitatu ndi kufunsa za ntchito imene sitiiona. Popeza gwero la vuto ndi kusadziwa, mankhwala ake ndi funso. Kamodzi pa tsiku, kapena kangapo pa mlungu, wina afunse mnzake kuti, "Chakuvutani kwambiri lero n'chiyani?" ndipo amvetsere mpaka yankho lithe. Msampha wake ndi wodziwika. Mayi akati mzere unali wautali pa mjigo, lilime la bambo limayabwa kuti anene kuti kunyanja kunali koposa. Akatero funso lasanduka mpikisano wa mavuto, ndipo pa mpikisano umenewo sipakhala wopambana. Lamuloli n'lakuti wofunsa asayankhe ndi vuto lake. Nthawi yake idzafika pamene iye adzafunsidwa. Pakapita milungu ingapo, mayi amayamba kudziwa kuti kukoka chilimira n'kutani, bambo amayamba kudziwa kuti mjigo wapafupi unawonongeka mwezi watha, ndipo kuthokoza kwa pa chakudya kuja kumapeza zonena zoona.

Funso limeneli ndi lofunika koposa m'mabanja amene bambo ali ku Joni, monga zilili m'midzi yambiri ya ku Mangochi. Kumeneko ntchito yonse ya mbali ziwiri ndi yosaoneka. Lamya ikamangokhala ya "ndalama zafika" ndi "ndalama zatha", wotumiza amadziona ngati chitsime chongotungidwa, ndipo wotsala ndi ana amadziona ngati mlonda wosalipidwa. Kufunsana za tsiku nkhani ya ndalama isanayambe kumabwezeretsa anthu awiri pamene panatsala maakaunti awiri.

Kodi zinthu zazing'ono chotere zingasinthedi mtima? M'chaka cha 2003 Robert Emmons ndi Michael McCullough a ku Amereka anafalitsa kafukufuku amene anagawa ophunzira m'magulu. Ena ankalemba kamodzi pa mlungu zinthu zisanu zimene akuthokoza, ena zinthu zisanu zimene zawasowetsa mtendere, kwa milungu khumi. Olemba zothokoza anapezeka okhutira kwambiri ndi moyo wawo kusiyana ndi olemba zodandaula. Kafukufuku wina wobwera pambuyo anasonyeza kuti phindu la njira zoterezi limakhala lochepa, losati n'kusandutsa munthu tsiku limodzi. Zimenezi zikugwirizana ndi zimene tikunena. Chimene munthu amawerenga tsiku ndi tsiku n'chimene chimakula m'maso mwake, ndipo chimakula mwakachetechete. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Zimene zimawononga

Chowononga choyamba ndi liwu lakuti "koma". "Ndiwo zakoma, koma mchere wachepa." Womva amataya zonse zimene zinali kutsogolo kwa "koma" n'kusunga zotsatira zake. Ngati pali chofunika kukonza, chinenedwe nthawi ina, pachokha. Timauzidwa kuti Mtumiki sankanyoza chakudya: akachifuna ankadya, akapanda kuchifuna ankangochisiya. Banja limene lingatsatire khalidwe limeneli lokha lachotsa kale theka la zilonda za pa mphasa yodyera.

Chachiwiri ndi kuthokoza kokhala ndi mbedza, kumene kumabwera pokhapokha pamene pali chopempha. Anthu a m'nyumba imodzi amadziwana msanga. Mawu okoma akamatsatiridwa ndi pempho nthawi zonse, womva amayamba kuchita mantha akangomva kutamandidwa. Chachitatu ndi kuwerengera: "Ine ndathokoza katatu mlungu uno, inu simunanene kanthu." Pamenepo kuthokoza kwasanduka ngongole, ndipo kwagwera m'dzenje lomwe lija la kukumbutsa zabwino. Woyamba chizolowezichi ayembekezere kuti masiku oyamba chidzaoneka chachilendo. Mnzake akhoza kuseka, kapena kufunsa kuti, "Mwalakwa chiyani lero?" Kumeneko si kukana. Ndi kudabwa kwa munthu amene sanazolowere, ndipo kumatha ngati mawuwo apitirira popanda chofuna kuseri kwake.

Ena mwa ife tinakulira m'makomo amene mwamuna ndi mkazi sankayamikirana pamaso, ndipo mawu otere amalemera pakamwa. Ulemu wathu uli ndi njira zake zimene zingathandize. Munthu akhoza kuyamba ndi duwa, pakuti kupempherera mnzako zabwino iye akumva n'kosavuta kusiyana ndi kumutamanda. Akhoza kulankhula kudzera mwa ana, mwini wake ali pomwepo: "Mwawathokoza amayi anu? Nkhuni zimenezi azitenga kuphiri." Akhozanso kunena zabwino za mnzake kwa apongozi. Mkamwini amene wamanga nkhokwe pamudzi pa akazi ake, akamva kuti mkazi wake anakamutchula bwino kwa amalume, amadziwa kuti thukuta lake lalembedwa penapake.

Malire ake

Tisanamizane kuti mawu amakonza zonse. Gawo lachitatu la Imamu Ghazali linali ntchito, ndipo pamenepo ndi pamene kuthokoza kumayesedwa. Ngati bambo adziwa tsopano kuti mayi amasenza malita 100 m'mawa uliwonse, ndipo pa masiku a mwera amene sapita kunyanja amangokhala pansi pa mtengo njinga ili m'nyumba, kuthokoza kwawo kwaima panjira. Zigubu ziwiri pa njinga zimachotsa maulendo awiri a ku mjigo. Mayi Aisha, Allah asangalale nawo, atafunsidwa zimene Mtumiki ankachita m'nyumba, anafotokoza kuti ankatumikira a m'banja lake mpaka nthawi ya swala itakwana. Chimodzimodzi, mayi amene adziwa kuti bambo achezera usiku wonse amaletsa ana kusewera pafupi ndi zenera masana. M'mwezi wa Ramadhani, amene amadzuka pakati pa usiku kuphika daku amathokozedwa bwino koposa ndi munthu amene wadzuka naye n'kukoleza moto. Chizindikiro chakuti kuthokoza n'koona ndi chakuti pakapita nthawi katundu amasuntha pang'ono kuchoka pa phewa lolemedwa.

Pali makomo enanso amene vuto lake si kusaona. Pamene pali kumenya, kutukwana, kapena kumana banja chakudya ndalama zikupita kwina, kuuza wozunzidwa kuti aziwerenga madalitso ake n'kumuwonjezera katundu. Kuthokoza sikulamula munthu kutseka maso pa chisalungamo. Nkhani zotere zimafuna ankhoswe, ashehe, ndipo pamene pali nkhanza zimafuna apolisi ndi mabwalo a milandu. Zizolowezi zimene tafotokozazi ndi za nyumba zambiri zimene muli anthu awiri abwino amene atopa ndipo asiya kuonana.

Nanga iye amene wayesa zonsezi kwa miyezi, mnzake osasintha? Ali ndi ufulu wonena chosowa chake poyera, ndipo kutero si kukumbutsa zabwino. Kusiyana kwake kuli pa cholinga ndi pa nthawi. "Ndimakuchitirani zonsezi koma simuthokoza" ndi mawu a mlandu, amanenedwa mkangano uli pakati, ndipo amaitana chitetezo. "Bambo a Yusufu, mukandiuza kuti mwaona ntchito yanga ndimapeza mphamvu, ndipo mukakhala chete ndimafooka" ndi mawu ophunzitsa, amanenedwa mitima ili pansi, ndipo amapatsa mnzako chinthu choti achite mawa. Anthu ambiri sanauzidwepo zimenezi momveka. Ndipo ngakhale yankho litachedwa, wokhulupirira ali ndi potsamira. Limodzi mwa maina a Allah ndi Ash-Shakuru, Woyamika, amene amalipira zambiri pa ntchito yochepa. Palibe ndowa ya madzi kapena usiku wa panyanja umene unatayika kwa Iye. Chitonthozo chimenechi ndi cha wogwira ntchito, ndipo sichimasula wolandira ku ngongole yake.

Tingadziwe bwanji kuti nyumba ikusintha? Zizindikiro zake n'zazing'ono. Ana sathawa pabwalo bambo akamafika. Cholakwa chaching'ono, monga nsima yochedwa kapena tsiku lopanda nsomba, chimadutsa popanda kukumba za chaka chatha. Anthu amayamba kufotokoza za tsiku lawo asanafunsidwe. Mavuto a ndalama amakhalapobe, mwera umaombabe m'nyengo yake, koma anthu amasiya kuonana ngati gwero la mavutowo. Mlendo akatipatsa madzi akumwa kamodzi timamuthokoza ndi manja awiri. Amene watipatsa madzi zaka makumi awiri ali ndi mangawa aakulu pa ife kuposa mlendoyo, ndipo nthawi yabwino yomuuza ndi lero, iye akadali pakhomo ndipo makutu ake akadamva.